Masitetimenti osikana akukana kugwirizana mu Excel, ndipeza bwanji polakwika?

"Ndine msungichuma wa kampingo kathu ku Chilomoni. Ndili ndi masitetimenti a ku banki a miyezi 14, mapeji 46, ena osikana ena ojambula pafoni, ndipo akufunika akhale mu Excel oona za mabuku asanabwere. Mwana wanga anandithandiza kuwasandutsa ndi OCR, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi, koma ndikaphatikiza zolowa ndi zotuluka sizikufika pa balansi yomaliza, zikusiyana ndi ndalama zambiri ndithu. Ndikuopa anthu aziti ndadya ndalama za mpingo. Ndiyambirenso kutaipa zonse pamanja?" Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, mtima pansi kaye. Ndagwira ntchito ya mabuku a ndalama kuno ku Blantyre zaka zambiri ndithu, mashopu a ku Limbe, mipingo, timabungwe, ndipo sindinaonepo mulu wa mapepala osikana wolowa mu Excel n'kugwirizana ulendo woyamba. OCR simadziwa ndalama, imangoyang'ana maonekedwe a chilembo n'kuganizira kuti mwina ndi 8 mwina ndi 3, ndiye kulakwa kwake si umboni woti ndalama yasowa. Musataipenso zonse ayi. Sitetimenti ya ku banki ili ndi chinthu chimodzi chimene mapepala ena ambiri alibe, pamzere uliwonse banki inalemba balansi yotsala, ndipo balansi imeneyo ndi imene ikulozereni ndi chala mzere uliwonse umene kompyuta yawerenga molakwika. Ntchito yanu yonse itsamire pamenepo.

Koma musanayambe chilichonse, yesani kaye kuithawa OCR yo. Pitani ku nthambi ya banki yanu kapena lowani pa intaneti ngati akaunti ya mpingo inalumikizidwa, mupemphe sitetimenti ya miyezi yomweyo ngati fayilo, CSV kapena Excel ngati amapereka, apo ayi PDF yochokera mu kompyuta yawo osati yosikana. Kusiyana kwake n'kwakukulu. PDF yochokera ku banki ili ndi manambala enieni mkati, pomwe yosikana ndi chithunzi chabe cha pepala. Kuti mudziwe kuti muli ndi iti, itsekuleni muyese kukoka mausi pamwamba pa nambala imodzi, kapena dinani Ctrl+F mufufuze mawu amene mukuwaona papeji. Zikasankhika, Excel yatsopano imatha kukoka tebulo lonse kudzera pa Data, Get Data, From File, From PDF, ndipo palinso kapulogalamu kaulere ka Tabula kamene kamachita zomwezo. Zikapanda kusankhika ndiye kuti ndi chithunzi, ndipo njira ziwirizi sizigwira. Chenjezo limodzi lokha, PDF imene munthu anaisikana n'kuidutsitsa kale mu OCR nayonso imasankhika mawu, ndiye ngati peji ikuoneka yopendekeka kapena ili ndi chidindo cha inki, manambala ake musawakhulupirire ngakhale akusankhika. Olo banki ikulipiritseni kangachepe, kwa mapeji 46 ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi masiku amene mutaye.

Tiyerekeze kuti zakanika, mwatsala ndi mapepala omwewo. Mapeji ojambula pafoni aja ndi amene ndikuwakayikira kwambiri. Foni ikapendekeka pang'ono, mizere imatsetsereka, ndiye ndalama ya mzere wapamwamba imakakhala moyang'anana ndi deti ya mzere wapansi, komanso mthunzi wa dzanja umadya manambala a kumapeto. Ngati mapepala enieniwo alipo, kawasikaneninso pa sikana yagalasi, muwauze akuikireni 300 dpi, ndipo ngati zilembo zili zing'onozing'ono kwambiri 400. Asankhe Grayscale osati Black and White, chifukwa yakuda ndi yoyera yokhayokha ija imafufuta kadontho ka matambala pamene inki inali yofowoka, ndipo kadontho kameneko ndi kamene kamasiyanitsa K2,500 ndi K250,000. Chotsani masitepulo, wongolani popindika. Ndiponso musatumizirane zithunzizo pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, imazifinya ndipo manambala amachita chimbuuzi, tumizani ngati Document kapena gwiritsani fulashi. Mukasikanitsa pa kefe, imani pomwepo muone kuti afufuta fayilo pa kompyuta yawo, muli nambala ya akaunti ndi maina a anthu opereka mmenemo. Chifukwa chomwecho mawebusaiti aulere osandutsa PDF kukhala Excel ine sindiwakonda pa sitetimenti, simudziwa kuti fayilo yanu ikukagona kuti.

Za pulogalamu yoti muwerengetse sinditaya nthawi kwambiri, chifukwa zonse zimalakwa, zimangosiyana kuchuluka. Excel ya Microsoft 365 ili ndi Data, From Picture, imawerenga peji imodzi imodzi n'kukuonetsani mabokosi amene ikukayikira musanalowetse, koma imafuna intaneti ndipo mu Excel zakale mulibe. Google Docs imawerenga mawu bwino koma tebulo imalimwaza. Ngati mwana wanu ali wozolowera kompyuta, pali OCRmyPDF imene imagwira pa kompyuta yanu yomweyo osatumiza kanthu kunja:

```
ocrmypdf --rotate-pages --deskew sikani.pdf yamawu.pdf
pdftotext -layout yamawu.pdf mawu.txt
```

Lamulo loyambalo limawongola mapeji n'kuwerenga, lachiwiri limatulutsa mawu atasunga mipata ya makolamu. Koma ngati zimene muli nazo kale zikuoneka ngati tebulo, pitirizani nazo, mubwereze mapeji okhawo amene asokonekera kwambiri.

Tsopano kakonzedwe ka shiti. Fayilo imene mwana anatulutsa ija isungeni padera osaikhudza, mugwire pa kope. Ikani deti mu A, tsatanetsatane mu B, zotuluka mu C, zolowa mu D, balansi ya papepala mu E, F muisiye ya cheke yoyezera ngati masamu akugwirizana. Mu G lembani nambala ya peji imene mzerewo wachokera, mu H nambala yotsatana 1, 2, 3 mpaka pansi. Ziwiri zomalizazi anthu amaziona ngati zosafunika koma mudzandithokoza, chifukwa mukapeza cholakwika pa mzere 412 simukufuna kuvundukula mapeji onse 46, ndipo wina akangodina Sort mwangozi, H ndi imene ibwezeretse mizere mmene inalili. Musasanje ndi deti ngakhale pang'ono, tsiku limodzi limakhala ndi mizere isanu ndipo balansi imatsatira ndondomeko ya papepala. Mitu yobwerezabwereza ya pamwamba pa peji iliyonse ichotseni, pamodzi ndi mizere ya matotala a peji, koma matotalawo muwalembe penapake chifukwa tiwafuna. Pamene tsatanetsatane anali wautali n'kugwera pamzere wachiwiri, mupeza mzere wopanda deti wopanda ndalama, mawuwo muwabwezere pamwamba pake mzerewo muufufute. Mzere 1 ndi mitu, mzere 2 mukhale balansi yoyambira yokha mu E2, ndipo imeneyo muitaipe nokha mukuyang'ana papepala.

Chinthu choyamba kufufuza ndi chakuti manambala anuwo ndi manambala enieni kapena ndi mawu ooneka ngati manambala. Apa ndi pamene ndikuganiza kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwanu yabisala. OCR ikawerenga 45,000.00 n'kuika chilembo O m'malo mwa ziro, kapena l m'malo mwa 1, S m'malo mwa 5, B m'malo mwa 8, Excel imaona bokosilo ngati mawu, ndipo SUM imangolidumpha mwakachetechete osakuuzani kanthu. Ndi maso mungazindikire chifukwa mawu amatsamira kumanzere kwa bokosi pomwe nambala imatsamira kumanja, koma pa mizere mazanamazana maso amatopa, ndiye lembani izi pabokosi lopanda kanthu:

```
=COUNTA(C3:C900)-COUNT(C3:C900)
```

COUNTA imawerenga mabokosi onse amene muli kanthu, COUNT imawerenga a manambala okha, ndiye yankho liyenera kukhala 0. Likakhala 17, muli mabokosi 17 amene sakuphatikizidwa. Chitani chimodzimodzi ku D ndi E. Kukonza kwake, sankhani kolamu ya ndalama yokhayo, osati shiti yonse chifukwa muononga maina mu B, dinani Ctrl+H musinthe O akhale 0, l akhale 1, ndi timipata tolowerera pakati pa nambala muchotse. Koma pa kakoma ka masauzande samalani kwambiri. Anthu ambiri amangochotsa timakoma tonse kamodzi, osadziwa kuti OCR nthawi zina imawerenga kadontho ngati kakoma, ndiye 2,500.00 inalowa ngati 2,500,00 ndipo mukachotsa timakoma yasanduka 250000. Pa sitetimenti ndalama iliyonse imathera ndi kadontho ndi manambala awiri a matambala, ndiye bokosi lililonse la mawu limene silikuthera choncho liyang'aneni papepala musanalikhudze. Ngati balansi ili ndi CR kapena DR kumapeto, CR ingochotsani, koma DR ikutanthauza kuti akaunti inalowa mungongole ndipo nambalayo iyenera kukhala ndi mainasi kutsogolo.

Kanthu kena kamene kamativutitsa kuno, malaputopu ambiri obwera kuchokera ku Joni amakhala atatcheredwa mwa ku South Africa, kumene matambala amalekanitsidwa ndi kakoma osati kadontho. Pa laputopu yotere manambala onse olondola amaoneka ngati mawu, ndipo fomyula imakana mpaka mutaika chizindikiro cha ; pamalo pa kakoma. Mukaona COUNT ikupereka 0 pa kolamu yonse, vuto si OCR, pitani ku Region mu Control Panel musinthe Decimal symbol ikhale kadontho, Digit grouping symbol ndi List separator zikhale kakoma.

Zimenezo zikatha ndiye tifike pa mwini nkhani. Mu F3 lembani fomyula iyi, muikokere pansi mpaka mzere womaliza:

```
=ROUND(E2-C3+D3-E3,2)
```

Ikunena kuti tenga balansi ya mzere wapamwamba, chotsa zotuluka, onjeza zolowa, kenako chotsa balansi imene yalembedwa pamzere uno. Zonse zikawerengedwa bwino yankho ndi 0. ROUND yo musaisiye, popanda iyo Excel nthawi zina imasiya timanambala tating'onoting'ono kutali kuseri kwa kadontho ndipo mzere wabwinobwino umaoneka ngati wolakwika. Mukatero ikani Filter pa F mubise maziro, zotsalazo ndiye ntchito yanu. Ubwino wa fomyulayi ndi woti mzere uliwonse ukuyezedwa ndi mnzake wapamwamba yekha, ndiye cholakwika cha pa peji 3 sichikuipitsa mapeji onse otsatira, chimaima pamalo pake. Ngati sitetimenti yanu imayamba ndi zatsopano pamwamba n'kumatsika kupita ku zakale, sanjani kaye mizere yoyambira pa 3 kupita pansi ndi H kuchokera yaikulu kupita yaing'ono kuti yakale ikhale pamwamba. Mukaona #VALUE! ndiye kuti pamzerewo kapena wapamwamba pake patsala bokosi la mawu.

Nambala imene yatuluka mu F imakuuzaninso mtundu wa cholakwikacho, ndipo apa ndikufuna tiyendere limodzi chitsanzo, ndi manambala ongopeka koma zolakwika zake ndi zimene ndimakumana nazo mwezi ndi mwezi. Tinene kuti balansi yoyambira mu E2 ndi 1,842,300.50.

Mzere 3, malipiro a malata, mu C muli 335,000.00 ndipo balansi ndi 1,457,300.50. F3 ikuonetsa 50,000, mzere wotsatira uli pa 0. Cholakwika chikakhala pamzere umodzi wokha chonchi, balansi ili bwino, vuto lili pa ndalamayo. Ndipo taonani maonekedwe a kusiyanako, nambala imodzi yotsatidwa ndi maziro, zikutanthauza kuti chilembo chimodzi chokha ndi chimene chawerengedwa molakwika, cha pamalo a masauzande khumi, ndipo chasiyana ndi 5. Manambala ofanana maonekedwe osiyana ndi 5 ndi 3 ndi 8. Mukapita papepala mupeza 385,000.00, inki ya 8 inadukaduka kumanzere. Mukazolowera mudzayamba kuzidziwa musanayang'ane n'komwe, kusiyana kwa 6 kawirikawiri ndi 1 ndi 7, kwa 2 ndi 6 ndi 8, kwa 1 ndi 5 ndi 6 kapena 8 ndi 9.

Mzere 4 zalowa 120,000.00, balansi 1,577,300.50, F ili pa 0, tidutse. Mzere 5 ndi chaji ya banki, mu C muli 250000, balansi 1,574,800.50, F5 ikuonetsa -247,500. Nambala yachilendo chonchi igaweni ndi 99. Yankho ndi 2,500 ndendende, ndiye mwadziwa kuti kadontho kanasowa, ndalama yeniyeni ndi 2,500.00 imene yakula ka 100. Chifukwa chake n'chosavuta, chinthu chikakula ka 100 ndiye kuti chaonjezekera ka 99 pa chimene chinali. Cholakwika chimodzi chokhachi chikhoza kupangitsa msungichuma kusowa tulo, chaji ya K2,500 kuoneka ngati kota miliyoni yatuluka.

Mzere 6 ndi 7 ayaka onse awiri, F6 ili -50,000 ndipo F7 ili 50,000. Mukaona awiri otsatana, nambala yofanana, wina mainasi wina ayi, musavutike ndi C kapena D, ndalama zili bwino. Cholakwika chili pa balansi ya mzere woyamba mwa awiriwo. Pa mzere 6 zinalowa 64,000.00 ndipo balansi yoona ndi 1,638,800.50, koma OCR yalemba 1,688,800.50, ndiye yalakwitsa mzere wakewo komanso mzere 7 umene ukuyambira pa iyo. Mukakonza E6 yokha onse awiri abwerera pa 0. Mzere 7 wo unali wabwino kuyambira kale, zotuluka 18,750.00, balansi 1,620,050.50.

Mzere 8, F ikuonetsa -192,000, ndipo mu C muli 96,000.00. Kusiyana kukakhala kuwirikiza kawiri ndalama ya pamzerewo, ndalamayo yakhala kolamu yolakwika. Chinali chopereka cholowa, koma chifukwa bokosi la zotuluka linali lopanda kanthu papepala, OCR inaikankhira kumanzere. Isamutseni ipite mu D, balansi 1,716,050.50 igwirizana. Cholakwika ichi chimakonda kubwera chambiri pa peji imodzi, makamaka yojambula mopendekeka, ndiye mukachipeza kawiri katatu pa peji yomweyo ndi bwino kuibwereza peji yonseyo.

Mzere 9 ndi umene umasokoneza anthu. Zalowa 40,000.00, balansi 1,754,550.50, mwayang'ana papepala zonse ziwiri zili ndendende, koma F9 ikuonetsa 1,500. Pamenepa yang'anani pamwamba pa mzerewo papepala. Mupeza kamzere kamene mu Excel mulibe, chaji ya 1,500.00 imene inagwera popindika pepala kapena pansi pa chidindo cha banki, OCR inaidumpha yonse. Kusiyanako ndi ndalama ya mzere wosowawo. Zikachitika pamalire a mapeji awiri ndipo nambala yake ndi yaikulu yosamveka, werengani manambala a mapeji, mwina peji yathunthu sinasikanidwe kapena awiri asinthana malo. Mzere wolowa kawiri nawonso umagwidwa chimodzimodzi, wachiwiriwo umaonetsa ndalama yake yomwe mu F.

Pali cholakwika china chimene si cha OCR koma chathu anthu, ndipo ndi chifukwa chake ndakukanizani kutaipanso zonse. Dzanja limatembenuza manambala, 18,750 kulemba 18,570. Kusiyana kwake ndi 180, ndipo kutembenuza kotere nthawi zonse kumapereka nambala yogawika ndi 9. Ndiye mukakonza bokosi ndi dzanja koma F osabwerera pa 0, gawani chotsalacho ndi 9, chikagawika bwinobwino yang'anani zala zanu.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Fomyula ikakuuzani kuti pasiyana 50,000, musangoonjezera 50,000 kuti ziro abwere. Tsekulani pepala, muone ndi maso, mulembe chimene chili papepala. Ndinalandirapo mabuku a kabungwe kena kumene munthu wina, pofuna kuti zonse zioneke zoyera, anasintha kolamu ya balansi yonse kukhala fomyula yodziwerengera yokha. Cheke yonse inali maziro okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa shitiyo imadziyeza ndi iyo yokha, ndipo zolakwika zonse za OCR zinali momwemo. Tinabwerera pa peji yoyamba. Kolamu E ikhale ya manambala ochokera papepala basi. Ndipo bokosi lililonse limene mwakonza lipakeni mtundu wachikasu, pambali mu I mulembe chimene chinalipo poyamba, kuti oona za mabuku akadzafunsa muwaonetse kuti apa kompyuta inawerenga chakuti, pepala likuti chakuti, peji yakuti. Musaiwalenso Ctrl+S pafupipafupi, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Masitetimenti ena salemba balansi pamzere uliwonse, amangoika kumapeto kwa tsiku. Zikakhala choncho F ija siigwira mmene ilili. Pangani kolamu ina, tinene J, muike =E2 mu J2, kenako mu J3 muwerengetse balansi yanuyanu, ndipo muziyerekeza ndi ya banki pokhapo pamene ilipo:

```
J3: =J2-C3+D3
F3: =IF(E3="","",ROUND(J3-E3,2))
```

Kusiyana kwa njira iyi n'koti cholakwika chimayenda nanu mpaka pansi, ndiye mumakonza choyamba kaye, kenako chotsatira chimaonekera. Imakulozerani tsiku osati mzere, koma tsiku limodzi ndi mizere yochepa. Ngatinso muli ndi sitetimenti ya ndalama za pafoni imene chaji ili mu kolamu yakeyake, kumbukirani kuichotsanso mu fomyula, apo ayi mzere uliwonse uyaka.

F yonse ikakhala maziro, tsimikizani ndi matotala aja munasunga. SUM ya C ifanane ndi zotuluka zonse zimene banki inalemba, SUM ya D ifanane ndi zolowa zonse, mwezi ndi mwezi. Mwina mufunsa kuti n'chifukwa chiyani kubwerezanso pomwe zonse zili pa ziro. Chifukwa pali bowo limodzi. Ngati ndalama inalowa n'kubwezedwa pompo, monga cheke chokanidwa cha 200,000.00 cholowa kenako chotuluka, ndipo mizere iwiri yonseyo yadumphidwa, balansi imabwerera pomwe inali ndipo F siona kanthu. Matotala ndi amene amagwira zimenezo. Njira ina yophweka ndi kuwerenga mizere ya pa peji ndi chala n'kuyerekeza ndi =COUNTIF(G:G,12) ya peji 12, mapeji 46 ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. COUNTA ndi COUNT ija muibwerezenso pomaliza, chifukwa bokosi lokhala ndi nambala yolondola koma yosungidwa ngati mawu limatha kudutsa mu F bwinobwino pomwe SUM ikulidumpha.

Ndikuuzeninso zimene balansi singakuthandizeni, chifukwa maziro aja amanyengerera munthu kuganiza kuti zonse zatha. Madeti sakhudzidwa ndi masamu amenewa. Vuto lalikulu la madeti si OCR n'komwe koma Excel yotcheredwa mwa chi America, imene imayamba ndi mwezi. 03/04/2024, imene kwa ife ndi pa 3 Epulo, imaisandutsa 4 Malichi, pomwe 25/04/2024 imaisiya ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 25. Chizindikiro chake n'choti mu kolamu A madeti ena atsamira kumanja ena kumanzere, ndipo onse akumanzere ndi a masiku opitirira 12. Zikatero bwererani ku zimene OCR inatulutsa poyamba, kolamu yopanda kanthu muiike kaye pa Text musanamatemo madetiwo, kenako Data, Text to Columns, pa sitepe yachitatu musankhe Date ndi DMY. Mukamaliza ikani =A4<A3 mu kolamu ina muikokere pansi, paliponse pamene patuluka TRUE deti yabwerera m'mbuyo, muyang'ane papepala. Apa mupeza 11 wowerengedwa 17 ndi 2024 wosanduka 2021. Ngati sitetimenti ili ndi madeti awiri, lolembera ndi la Value Date, yesani ndi lolemberalo, linalo limatha kubwerera m'mbuyo mwachilungamo.

Manambala a refarensi ndi a foni nawonso ali kunja kwa cheke. Excel imasunga manambala 15 okha, refarensi yotalika kuposa apo kumapeto kwake kumasanduka maziro ndipo sikubwereranso, komanso nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya ziro wakeyo. Makolamu amenewa akhale Text musanalowetse kanthu. Maina a anthu opereka, OCR imawaononga kwambiri makamaka athu achichewa, ndiye ngati mudzagwiritsa ntchito shitiyi kulemba kuti uje anapereka zingati, mizere ya zolowa muiwerenge ndi maso umodzi umodzi, makamaka ya ndalama zikuluzikulu. Ndi bwino kukhala awiri, wina akuwerenga papepala mokweza wina akuyang'ana pa kompyuta.

Mapeji amene muyenera kutaipa pamanja alipo koma ochepa, aja ofufutika kwambiri, fotokope ya fotokope, kapena amene chidindo chagona pakati pa manambala. Ine ndikaona kuti pa peji imodzi mizere yoposa theka yayaka ndimasiya kukonza, ndimaitaipa yonse, F yomweyo imandiyang'anira zala.

Pali nthawi imodzi imene sindikufuna mulimbane nazo nokha. Ngati mwayang'ana mzere, Excel ikufanana ndi pepala chilembo ndi chilembo, palibe mzere wosowa, mapeji ali onse motsatana, koma F ikukanabe kubwera pa 0, ndiye kuti pepalalo palokha silikugwirizana. Kompyuta ya banki simalakwitsa kuphatikiza ndi kuchotsa, choncho mwina pepala limene munapatsidwa si lochokera ku banki mwachindunji, mwina wina analikhudza lisanafike kwa inu. Musaloze munthu chala ndipo musasinthe kanthu. Lembani peji ndi mzere, muwauze apampando kapena amene mumasainira nawo akaunti tsiku lomwelo, mupite awiri ku banki mukatenge sitetimenti yatsopano yodindidwa ya mwezi umenewo, muyerekeze. Chimodzimodzi ngati F yonse ili pa 0 koma mukuona ndalama yotuluka imene komiti sikuidziwa, imeneyo si nkhani ya OCR, ndi ya banki ndi akauntanti. Ndipo oona za mabuku akabwera, apatseni zonse zitatu pamodzi, mapepala enieni, fayilo yoyamba yosakhudzidwa ija, ndi shiti yokonzedwa yokhala ndi mabokosi ake achikasu ndi kolamu F ikuoneka.